Tokeni yathu inali ya mita ya eni

Tilipo anayi m'nyumba yomwe timachita lendi kunja kwa koleji, ndipo mwezi uliwonse timasonkha K2,500 aliyense yogulira mayunitsi a magetsi. Usiku wina, mawa lake kuli mayeso, magetsi anathima. Mnzathu wosunga ndalama anagula mayunitsi a K10,000 pafoni, meseji inabwera, tinalowetsa manambala, koma mita inangolemba `Reject`. Tinabwereza kachiwiri, zomwezo. Mumdimamo tinayamba kumuyang'ana mnzathuyo ngati wadya ndalama.

Chomwe sitinkadziwa n'chakuti magetsi olipiriratu amalembedwa malo atatu. Kampani ya foni imalemba kuti ndalama zachoka, n'kupereka nambala ya malondawo. Kampani ya magetsi imalemba kuti mita yakutiyakuti yagulitsidwa mayunitsi angati, n'kutulutsa tokeni ya manambala 20. Mita nayo imasunga chizindikiro cha matokeni omwe yalandira posachedwa. Mita yathu silankhula ndi ofesi. Mayunitsi amakhala obisika m'manambala 20 aja, ndipo amatsekulidwa ndi mita imodzi yokha, kamodzi kokha.

Choncho mawu omwe mita yalemba ndi umboni, ngakhale kalembedwe kamasiyana malinga ndi mtundu wa mita. Ikati `Used`, tokeniyo inalowa kale, mwina wina wakopera meseji ya mwezi watha. Ikati `Old`, tokeniyo yakhalitsa ndipo zatsopano zambiri zalowa patsogolo pake. Ikati `Reject`, mwina chala chaphonya nambala, apo ayi tokeniyo si ya mitayo.

Titayatsa tochi, mmodzi anawerenga manambala anayianayi, wina akudina. Inakanabe. Tinasiya kudina, poti mita zina zimayamba kuchedwa kulandira ukalakwitsa kambiri. Kenako tinafananiza nambala ya mita ya mumeseji ndi yolembedwa pamita yeniyeniyo. Zinali zosiyana. Mnzathuyo anali atakopera nambala yomwe anasunga m'foni, ya nyumba yomwe tinasamukamo chaka chatha. Ndalama sanadye, anangogulira eni.

Usiku umenewo tinawerengera pakandulo. M'mawa titalemba mayeso tinapita kunyumba yakaleyo, meseji ili m'manja. Mayi omwe akukhalamo pano analowetsa tokeniyo, mita yawo inailandira, ndipo anatibwezera K10,000 yathu akuseka. Mnzathuyo tinamupepesa panjira.

Tsopano tili ndi kope lopachika pafupi ndi mita. Timalembamo tsiku, ndalama, nambala ya malonda, tokeni, ndi mayunitsi omwe mita ikuonetsa tisanalowetse komanso titalowetsa. Ndalama zikachoka koma tokeni osabwera, sitithamangira kugula ina. Timaimbira omwe tagulirako, n'kuwapatsa nambala ya malondayo ndi ya mita, kuti atitumizirenso tokeni yomweyo. Meseji sitifufuta mpaka mita itailandira, ndipo nambala ya nyumba yakale ija tinaichotsa m'mafoni tonse anayi.