Mawu ndi nkhope zili ndi eni ake

Ndimagwira ntchito yojambula ndi kukonza mavidiyo a mabungwe, ndipo ambiri mwa amene amandipatsa ntchito ali ndi maofesi ku Area 10 mumzinda wa Lilongwe. Masiku ano funso lomwe ndikulimva kawirikawiri m'maofesi amenewa ndi lakuti: bwanji osangouza kompyuta kuti imulankhulitse munthu Chichewa, mmalo molipira womasulira ndi wowerenga? Ofunsawo amakhala ataona mavidiyo akunja, ndipo sanama, zimathekadi. Komabe pali zinthu zomwe ndaona ndi maso anga zimene ndikufuna awerengi azidziwe asanabwereketse nkhope kapena mawu awo.

Zida zake zilipo ziwiri. Choyamba chimakopera mawu a munthu. Mumachipatsa mawu ojambulidwa, icho chimaphunzira kamvekedwe kake, kenaka chimawerenga chilichonse chomwe mwalemba ngati akulankhula ndi mwini wakeyo. Mu 2023 kampani ya Microsoft idaonetsa pulogalamu ya VALL-E yomwe imangofuna mawu a masekondi atatu okha. Chachiwiri chimasintha milomo ya munthu wa m'vidiyo kuti iziyenda mogwirizana ndi mawu atsopano.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mu 2019, pamene katswiri wampira David Beckham adaoneka m'vidiyo yolimbana ndi malungo akulankhula zinenero zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chiyoruba. Kampani ya Synthesia ndiyo idasintha milomo yake, koma mawuwo adali a anthu enieni olankhula zinenerozo. Beckham adavomera, ndipo oonera adauzidwa momwe vidiyoyo idapangidwira. Chichewa mudalibe.

Bungwe lina la ku Area 10 lidandipatsa vidiyo ya mphindi imodzi ndi theka. Mudali mayi wina, namwino, akufotokoza m'Chingerezi za kugona m'masikito ndi kupita ndi ana kusikelo. Adafuna kuti vidiyo yomweyo ituluke m'Chichewa, ndi mawu a mayiwo, popanda kuwajambulanso. Tidamasulira uthengawo, mayiwo adalola kuti tiyesere, ndipo tidaika mawu awo m'pulogalamu ina yomwe imati imadziwa Chichewa.

Mawu adatuluka ofanana ndi awo ndithu, mpaka kupuma kwake. Koma Chichewacho chidali cha mlendo. Vuto loyamba ndi lakuti chinenero chathu chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu, chikhalirecho sitilemba zimenezi papepala. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa timasiyanitsa. Ndi chimodzimodzinso khungu la thupi ndi khungu la maso. Chiganizo chakuti "ana anga amagona m'masikito" chikhoza kutanthauza usiku uliwonse, kapena kuti ankagona nthawi ija, malingana ndi pomwe mwakwezera mawu. Pulogalamuyo idasankha kachiwiriko, ndipo namwino adamveka ngati akunena za chizolowezi chomwe adasiya.

Vuto lachiwiri lidali kampweya kamene timatulutsa pa ph, th ndi kh. Chingerezi sichisiyanitsa matanthauzo ndi kampweya kameneka, choncho makina amene adakulira m'Chingerezi amakataya kapena kukaika posayenera. Mawu akuti "musaphonye tsiku la sikelo" adatuluka ngati "musaponye". Wakumva akhoza kungoseka, koma uthenga wa zaumoyo ukasanduka nthabwala ndiye kuti wafa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makinawa amaphunzira pomvetsera, ndipo Chingerezi chojambulidwa chilipo cha maola zikwizikwi pamene Chichewa n'chochepa. Mu 2023 kampani ya Meta idatulutsa makina owerenga zinenero zoposa 1,100, koma mawu ambiri ophunzitsira adachokera kwa anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Makina ophunzira chotero amadziwa kawerengedwe ka paguwa, osati macheza a namwino ndi mayi wa mwana. Kungoona dzina la Chichewa pamndandanda wa zinenero sikutanthauza kuti chidacho chimalankhula ngati wa ku Dedza kapena ku Kasungu. Nanga Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, zimene zidajambulidwa pang'ono kuposa apa?

Milomo nayo idatipatsa ntchito. Chichewa chomasuliridwa chimatalika kuposa Chingerezi, moti uthenga wa masekondi 90 udafika pafupifupi mphindi ziwiri. Pofuna kuti ukwane, pulogalamuyo idathamangitsa mawu, mayiwo n'kumaoneka ngati akuthawa mvula. Komanso pa mawu ngati m'mawa, mphuno ndi mbewu, milomo imayenera kutsekeka kwa kanthawi. M'vidiyo yathu inkangogundana pang'ono kapena osatsekeka n'komwe. Mukakayikira vidiyo, yang'anani pamenepo: pa m, b ndi p, komanso mano ndi m'mphepete mwa chibwano, pomwe chithunzi chimachita ngati chasungunuka. Zizindikirozi zikucheperachepera pamene makina akukhwima, ndiye khutu la mwini chinenero likadali mlonda wodalirika kuposa diso.

Titawamveretsa, mayiwo adakhala chete kenaka adati: "Achimwene, mawuwo ndi anga, koma ine sindilankhula choncho. Anthu a kwathu akamva adzati tauni yandiiwalitsa Chichewa." Adakana kuti vidiyoyo ituluke, ndipo bungwelo lidamva. Tidawajambulanso akulankhula okha, ntchito ya m'mawa umodzi.

Apa ndi pamene ndikuona kuti chilolezo cha mawu n'chosiyana ndi cha chithunzi. Mafomu amene anthu amasayina asanajambulidwe amanena kuti bungwe likhoza kugwiritsa ntchito chithunzi kapena vidiyo. Munthu amavomera zomwe wanena kale. Koma mawu akakoperedwa, akhoza kunenetsedwa mawa zomwe mwini wake sadaziganizepo. Ndipo poti makina amalakwitsa Chichewa, ngakhale bungwe la zolinga zabwino likhoza kumuika munthu mawu m'kamwa mosadziwa, makamaka ngati wovomereza vidiyo muofesimo samva bwino chinenerocho.

Malamulo alipo otithandiza. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 dziko lidakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, lomwe bungwe la MACRA ndilo limayang'anira. Koma lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale, vidiyo itazungulira pa WhatsApp. Chitetezo chenicheni chili pa zomwe mwagwirizana musanalankhule pamaikolofoni.

Mukapemphedwa mawu kapena nkhope, funsani kuti pepalalo litchule uthenga weniweni womwe mawu anu adzanene, komwe udzaulutsidwe, ndi tsiku lomwe chilolezo chidzathe. Linene amene akusunga mawu okoperedwawo, popeza kawirikawiri amakhala pamakompyuta a kampani yakunja, ndiponso kuti adzafufutidwa liti. Ngati nkhope ndi ya wina, mawu ndi a wina, onse awiri avomere payekhapayekha. Vidiyoyo ilembedwe poyera kuti mawu kapena milomo zakonzedwa ndi kompyuta. Koposa zonse, muzikhala ndi ufulu womva vidiyo iliyonse isanatuluke ndi kuikana. Pepalalo likhale m'chinenero chomwe mumamva, ndipo amene sadziwa kuwerenga amuwerengere pamaso pa mboni yomwe wasankha yekha.

Anzathu owerenga nkhani ndi ochita zisudzo pawailesi achenjere kwambiri, chifukwa mawu ndiwo munda wawo. Kulandira malipiro a tsiku limodzi pa mawu amene adzagwire ntchito zaka zisanu kuli ngati kugulitsa munda pamtengo wa thumba limodzi la chimanga. Malipiro aziyenda ndi uthenga uliwonse watsopano, monga momwe chilolezo chiyenera kuyendera.