Kabokosi ka "chifukwa" kamakhala pansi

Ndine kapitawo wa alonda panyumba ina yosungiramo feteleza ndi mbewu kuno ku Mlangeni, m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Ntcheu boma ndi Lizulu. Anthu akamva za ulonda amangoganiza za chibonga, tochi ndi chijasi chothana ndi mphepo ya mu Juni. Zimenezo tili nazodi, koma chida chimene chapulumutsa anyamata anga kambirimbiri ndi cholembera. Kukachitika kanthu, kaya kuba, kaya moto, kaya munthu kuvulala, pamakhala fomu ya tsamba limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, yoti ilembedwe asanaweruke amene anali pantchito. Mitu yake inadindidwa m'Chingerezi, ndipo ndimawamasulira anyamata mutu ndi mutu. Kalembedwe kake anandiphunzitsa ndi mkulu wina wopuma ntchito ya upolisi, wa konkuno komwe kuli sukulu yophunzitsa apolisi. Iye sankalola kuti munthu alumphe kabokosi n'kuyamba ndi kamene kamusangalatsa.

Mafomu amasiyana malinga ndi malo a ntchito, koma onse amene ndagwirapo amayenda njira imodzi. Pamwamba pamakhala nambala ya fomu, tsiku ndi nthawi, malo, ndi amene akupereka lipoti. Pakati pamabwera mtundu wa chochitikacho, anthu okhudzidwa, nkhani yake, kenako kuvulala kapena katundu wotayika. Kumbuyo kwa tsamba kuli zimene munachita nthawi yomweyo, amene munawadziwitsa, mboni, ndipo pansi penipeni m'pamene pali chifukwa chake, zoyenera kukonza, ndi posayina. Ndondomeko imeneyi sinangogwa. Imayamba ndi zinthu zimene palibe angatsutse, n'kumatsika pang'onopang'ono kukafika pa zimene munthu akungoganiza. Vuto la mlonda watsopano n'lakuti mtima wake umayambira pansi, pa chifukwa, ndipo amachithira m'kabokosi kalikonse.

Ndinaziona bwino zimenezi mwezi wina wa Novembala, mvula yoyamba itagwa, nyumba itadzaza matumba. Ndinafika 5 koloko m'mawa nditaitanidwa pafoni, n'kupeza mnyamata wa usiku atakulunga dzanja ndi mpango, fomu ali atalemba kale. Pa nkhani analemba mzere umodzi: akuba ochokera ku Mozambique anathyola, anaba matumba 14 ndipo anandivulaza. Ndinamupatsa tiyi, n'kutenga fomu ina yosalemba.

"Mphwanga, tiyambire pamwamba. Lero n'lachingati?"

"Ndalemba, a kapitawo. Lachisanu."

Apa m'pamene ambiri amagwera. Iye analowa ntchito Lachisanu 6 koloko madzulo, koma galu anauwa cha m'ma 2 koloko usiku, pamene kalendala inali italowa kale Loweruka. Tsiku lolembedwa pafomu ndi la chochitikacho, osati la shifiti. Ndipo kabokosi ka nthawi kamafuna nthawi zitatu zosiyana: imene chinthu chinachitika, imene chinadziwika, ndi imene lipoti linaperekedwa. Timalemba mwa maola 24 kuti pasakhale kufunsana ngati unali usiku kapena masana. Nthawi imene zenera linadulidwa sankaidziwa, choncho tinalemba kuti pakati pa 01:30, pamene anazungulira komaliza n'kuona zonse zili bwino, ndi 02:20, pamene anapeza zitsulo zitapindidwa. Foni yanga inkaonetsa kuti anandiimbira 02:35. Munthu wowerenga fomu ku ofesi amayang'ana mipata ya pakati pa nthawi zimenezi. Mpata ukakula popanda kufotokoza, funso loyamba limakhala lakuti mlonda anali kuti.

Pa malo iye analemba kuti "kudepoti". Ndinamutulutsa panja n'kukaima naye pomwepo. Tinalemba kuti zenera lachiwiri kuchokera kumpoto, pakhoma lakumbuyo, zitsulo ziwiri zodulidwa ndi sowo. Muyeso wanga ndi wakuti munthu wochokera ku Lilongwe amene sanafikepo kuno athe kukaima pamalopo popanda womulondolera.

Za mtundu wa chochitika n'zongochonga, ndipo tinachonga pawiri: kuthyola ndi kuba, komanso kuvulala pantchito. Pa anthu okhudzidwa pamalowa dzina lonse, ntchito, ndi mbali imene munthu ali nayo pankhaniyo. Anthu osadziwika salembedwa mtundu kapena kwawo. Kuno malire ali pamphuno, anthu amadumpha uku ndi uku kukagulitsa mbatatesi ndi kabichi, ndipo chilichonse chikasowa pakamwa pamathamangira tsidya lija. Ndinamufunsa ngati anawaona nkhope. Ayi. Anamva mawu awo? Ayi, ndipo akanamva sizikanathandiza, poti Chichewa cha ku Angonia ndi chathu chomwechi. Chimene anaona ndi anthu awiri, wina wamtali atavala chipewa, akuthamangira chakumadzulo. Tinalemba zomwezo basi.

Kabokosi ka nkhani ndiko kakakulu, ndipo ndiko kamene ndimakhalitsapo ndi mlonda aliyense. Muno mumalowa zimene maso ako anaona, makutu ako anamva ndi manja ako anachita, motsatana monga zinachitikira, chiganizo chilichonse chikhale ndi wochita wake. "Ndinamva galu akuuwa kumbuyo. Ndinapita ndi tochi. Ndinaona anthu awiri akuthawa, sanasenze kanthu. Ndinaliza wezulo. Powathamangitsa ndinaterereka pamatope n'kugwira lata la mpanda, limene linandicheka chikhatho chamanja." Mawu ngati "mwadala", "mosasamala", "mwachidziwikire" ndimawakana muno, chifukwa ndi chigamulo, si umboni. Zimene wakuuza wina uzilembe kuti wakuuza ndi uje, nthawi yakuti.

Atafika pa lata lija mnyamatayo anaima kulemba. Anati, "Koma a kapitawo, ndikalemba kuti ndagwa ndekha, andithandiza?" Ndinamumvetsa. Ankaganiza kuti bala la chikwanje cha wakuba ndi limene lili ndi mtengo. Ndinamuuza kuti lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000 limayang'ana ngati munthu wavulala ali pantchito komanso chifukwa cha ntchitoyo, ndipo kuthamangitsa akuba ndi ntchito yeniyeni ya mlonda. Chimene chikanamupweteka ndi fomu yonena za chikwanje pamene a chipatala alemba bala la lata. Mapepala awiri akasemphana, onse amasanduka okayikitsa. Pa kabokosi ka kuvulala tinangolemba mbali ya thupi, dzanja liti, bala lotalika pafupifupi masentimita 4, magazi anasiya atamanga. Kukula kwa vutolo amalemba ndi a chipatala, ife si madokotala.

Tsopano matumba 14 aja. Nambalayi anaitenga kwa wosunga katundu, amene anafika ine ndisanabwere n'kuwerenga: khadi likuti matumba 320 a yureya, pansi pali 306. Masamu ake ndi olondola, koma mawu akuti "anaba 14" sanali a mlonda kulemba. Matumba 14 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 700. Ndinayang'ana kazenera kaja, koti thumba limodzi lituluke mochita kukankha, n'kuyang'ananso matope: mapazi a anthu awiri, mkukuluzi wa matayala a njinga imodzi, osaoneka ngolo kapena galimoto. Mumtima ndinakayika, koma kukayika kwanga nakonso kunalibe malo pakabokosi ka katundu. Tinalemba motere: malinga ndi khadi, 320; owerengedwanso Loweruka 06:10 ndi wosunga katundu pamaso pa kapitawo, 306; kusiyana 14; kuwerenga komaliza kwa thumba ndi thumba kunachitika Lolemba. Mzere womalizawu ndi umene anthu amauiwala, chonsecho ndi umene umauza wowerenga kuti pakati pa Lolemba ndi Loweruka panadutsa masiku anayi a malonda.

Kumbuyo kwa tsamba kumayenda msanga. Pa zimene tinachita: kumanga bala, kuletsa anthu kuponda kumbuyo kwa nyumba, kujambula zenera ndi mapazi pafoni dzuwa lisanaumitse matope, kumutumiza mnyamata kuchipatala. Pa amene tinawadziwitsa timalemba dzina, nthawi, ndi njira, kaya pafoni kaya pamaso. Kupolisi nkhani iliyonse imalowa m'buku lawo la zochitika, limene amalitchula kuti obi, ndipo nambala imene alembapo ndimaikopera pafomu yathu. Popanda nambala imeneyo, pakatha miyezi itatu mudzangomva kuti bwerani mawa. Mboni inali imodzi, mayi wina woyandikana nafe amene anamva wezulo. Mawu ake analembedwa papepala lapadera, iye yekha, mlonda ali kutali. Mboni ziwiri zikafotokozera pamodzi zimatuluka ndi nkhani imodzi yosalala bwino, ndipo nkhani yosalala kwambiri ine imandiopsa.

Kabokosi ka chifukwa ndi kanga, si ka mlonda, ndipo tsiku limenelo ndinalembamo kuti kafukufuku akupitirira. Ena amaona ngati kutero n'kulephera ntchito. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kusiyana n'kudzaza bodza loti mawa ulifufute, poti pafomu safufuta. Ukalakwitsa umadula ndi mzere umodzi, mawu akale azionekabe, n'kusayina pambali. Kabokosi kopanda cholemba umalembamo kuti "palibe", ndipo mpata wotsala pansi pa nkhani umaujambula mzere kuti wina asadzawonjezeremo zake. Mnyamata anawerenga fomu yonse mokweza, anasayina movutika ndi dzanja lomangalo, ine n'kusayina pansi pake ndi nthawi. Fomu yoyamba ija sindinaing'ambe. Ndinailemba kuti yalowedwa m'malo ndi nambala yotsatira, n'kuimata kumbuyo, chifukwa nambala ikasowa m'faelo imabala mafunso ena.

Lachiwiri lake anabwera owerengera katundu. Atafananiza khadi ndi malisiti anapeza kuti Lachisanu madzulo, magetsi atazima, panatuluka matumba 10 olipiridwa bwinobwino amene sanachotseredwe pakhadi. Obedwa anali 4. Fomu ikanati mlonda anaona matumba 14 akubedwa, funso likanakhala lakuti makilogalamu 700 anatuluka bwanji pakazenera iye osamva, ndipo mlonda wotere amayamba kuonedwa ngati anali nawo m'gulu. Apa m'pamene ndinadzaza kabokosi kanga: zitsulo za zenera n'zopyapyala, kumbuyo kulibe getsi, ndipo kuzungulira kwa pa ola kumasiya mpata wautali. Pa zoyenera kukonza ndinalemba zinthu zitatu, chilichonse ndi woti achite komanso tsiku lomalizira: kuwotcherera zitsulo zokhuthala, kuika getsi la sola, ndi kupinda m'mphepete mwa lata lija. Zitsulo ndi lata zinakonzedwa sabata yomweyo. Za getsi ndalembanso kawiri, ndipo pafomu ya mwezi watha, pa kabokosi komweko, ndinangoikapo nambala ya fomu ya Novembala ija.