Dzina la Pologalamu Lizinena Lokha Nthawi Yake

Ku Fonte Boa, pa mishoni imene ansembe a Chijezuiti adatsegula mu 1945 m'mapiri a Angoniya, munthu akapotokola wailesi amamva mayiko awiri. Amamva Radio Moçambique yochokera ku Tete, imene imaulutsanso m'Chinyanja, amamva wailesi ya m'dera ya ku Ulongwe, komanso mawailesi a ku Malawi amalowa mosapempha chilolezo pa malire. Ife opanga mapologalamu a m'dera timagwira ntchito pakati pa phokoso lonseli. Womvera wathu sakhala ndi ndandanda yosindikizidwa ya mapologalamu. Chimene amatsala nacho m'mutu ndi dzina basi, ndipo ngati dzinalo silimuuza nthawi yotsegula wailesi, pologalamu yabwino imapita mumphepo iye ali kudimba.

Akale pa ntchitoyi adaidziwa nzeru imeneyi. Ku Zambia, Julius Chongo ankasimba nthano zake za Chinyanja pa wailesi ya boma m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, m'pologalamu yotchedwa Poceza m'Madzulo. Dzinalo lidanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi: chochitika, chomwe ndi kucheza, ndi nthawi yake. Ku Malawi, wailesi ya MBC ili ndi pologalamu ya Tadzuka Sitidziwa Anzathu, mawu amene anthu amayankhira moni wa m'mawa, ndipo palibe amene angaidikirire dzuwa litapendeka. Maina ena otchuka, monga Pamajiga ya MBC kapena Tiuzeni Zoona ya Zodiak, satchula nthawi, koma mawailesi akuluakulu amatha kulengeza pologalamu kambirimbiri pa tsiku kwa zaka zambiri mpaka anthu kuzolowera. Wailesi ya m'dera, imene imayendera anthu ongodzipereka, ilibe mwayi wotere. Kwa iyo dzina liyenera kudzigwirira lokha ntchito.

Tiyerekeze kuti wopanga pologalamu wapatsidwa mphindi 30 mlungu uliwonse kuti azikamba za ulimi wa mbatata ya kachewere, mbewu imene imabweretsa ndalama m'makomo ambiri a ku Tsangano ndi Angoniya. Mlimi wodziwa ntchito sayamba kufesa asanaone munda, ndipo nayenso wopanga pologalamu sayamba ndi dzina. Amayamba ndi nthawi. Amafunsa alimiwo nthawi imene amaweruka kumunda, masiku amene amapita kumsika, ndi amene amasunga wailesi pakhomo. M'mamawa amaisiya, chifukwa nthawi ya dzinja anthu amalawirira kumunda. Masiku a msika amawapewa. Tinene kuti wapeza Lachitatu nthawi ya 18:30, anthu ataweruka, nsima isanapse.

Tsopano amalemba maina ambiri n'kumawatchula mokweza, chifukwa dzina la pa wailesi limalowera kukhutu. Loyamba kugwa ndi la mu ofesi, lonena za chitukuko cha ulimi wamakono m'madera akumidzi: ndi lalitali, ndipo likhoza kukhala la pologalamu ina iliyonse. Lachiwiri, Ulimi wa Mbatata, likunena nkhani koma silikunena nthawi, komanso wina angaganize kuti akukamba za mbatata ya kholowa. Lachitatu, Kachewere Dzuwa Litalowa, limakoma kulitchula, koma lili ndi msampha. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 17:20 mu Juni, pamene mu Disembala limalowa 18:00 itadutsa. Amene angatsate dzuwa m'nyengo yozizira adzatsegula wailesi ola lathunthu pologalamu isanayambe, adzamva nyimbo, n'kutseka posunga mabatire. Komanso dzinalo silikunena tsiku.

Lotsala ndi Lachitatu la Kachewere. Mawu ake ndi ochepa, tsiku lili patsogolo, mbewu ikumveka, ndipo mwana wotumidwa kwa a neba akhoza kulinena osaphonya. Ola silinalowe m'dzina, ndipo ndi dala. Dzina lodzaza ndi manambala limalemera pakamwa. Ola limapita m'mawu otsegulira, amene amajambulidwa kamodzi n'kumaseweredwa chimodzimodzi poyamba, pakati ndi pomaliza pa pologalamu, komanso m'masiku awiri otsogolera: dzina, tsiku, ola, mwa dongosolo lomwelo nthawi zonse.

Pa ola ndi tsiku pomwepa mpamene dera la m'malire lili ndi zovuta zakezake. Mozambiki ndi Malawi amayendera wotchi imodzi, koma amatchula maola mosiyana. Amene adaphunzira m'Chipwitikizi amawerenga mpaka 24, ndipo foni yake imaonetsa 18:30, pamene wozolowera mawailesi a ku Malawi amati hafu pasiti sikisi. Muulutsi wosamala amatchula zonse ziwiri n'kuwonjeza mawu akuti madzulo. Masiku nawonso amasokoneza, chifukwa Chipwitikizi chimayamba kuwerenga pa Lamulungu, kotero Lolemba limatchedwa segunda, kutanthauza lachiwiri. Motero Lachitatu lathu ndi quarta, tsiku lachinayi kwa iwo. Wachinyamata wongodzipereka akalandira ndandanda ya Chipwitikizi n'kumasulira potsata nambala, amalengeza Lachinayi, ndipo mudzi wonse umatsegula wailesi pologalamu itadutsa dzulo lake. Dzina lokhala ndi tsiku m'Chichewa limatseka mpata umenewu, chifukwa muulutsi sangatchule Lachitatu la Kachewere n'kupitiriza kunena kuti ndi pa Lachinayi osadzimva yekha.

Dzina lisanapite pa wailesi limayesedwa. Wopanga pologalamu amapita kuchigayo kapena pa mjigo, n'kuuza anthu pafupifupi 10, amayi, abambo ndi achinyamata, dzinalo ndi nthawi yake kamodzi kokha, osawalembera. Pakapita masiku atatu amabwerera n'kufunsa funso limodzi: "Ija ndidakuuzani ija ndi chiyani, ndipo imayamba liti?" Mayankho olakwika ndiwo amamuphunzitsa kwambiri. Ambiri akakumbukira dzina koma osati ola, vuto lili m'mawu otsegulira. Akasintha dzinalo mofanana, monga onse kumangoti Za Kachewere, ndiye kuti pakamwa pawo pakana mawu ena, ndipo ndi bwino kuganizanso. Wina akatchula pologalamu ya wailesi ina, dzinalo layandikana kwambiri ndi la eni ake.

Pologalamu ikayamba, zizindikiro zimapitirira kubwera. Mafoni ofunsa za chiwawu cha mbatata akamalira Lachitatu pologalamu ili mkati, dzina lagwira. Akamalira masiku ena, anthu akufunsa kuti "pologalamu ya alangizi ija" ndi liti, ndiye kuti omvera adziwa munthu koma dzina silinawalowe.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo wopanga pologalamu amauza akuluakulu a wailesi zisanayambe. Dzina lonyamula tsiku limamanga wailesi. Mpira kapena msonkhano wa boma ukalanda nthawiyo milungu iwiri yotsatana, omvera amaleka kudikira. Magetsi akazima Lachitatu, pologalamu ikhoza kubwerezedwa tsiku lina, koma muulutsi anene poyera kuti ndi yobwereza, kuti tsiku lenileni lisasokonekere. Ngati wolipira pologalamu sangalonjeze kusunga tsikulo kwa nyengo yonse ya ulimi, kuyambira kubzala mpaka kukumba, ndi bwino kusankha dzina lonena gawo la tsiku lokha, monga Kachewere Madzulo, limene lingasamuke kuchoka Lachitatu kupita Lachisanu osanamiza aliyense.