Mawu Amene Mtsikana Angavale Pachifuwa

Ndimagwira ntchito m'kashopu kosindikiza malaya ku Kamwala, kufupi ndi msika. Timadula zilembo, n'kuzimata pa tisheti ndi makina otentha. Mawu amabwera ndi eni ake, ine changa n'kusindikiza. Koma tsiku lina amayi ena a kabungwe ka ku Chawama, kamene kamalipirira atsikana yunifomu, nsapato, mabuku ndi mapadi, anandipempha kuti mawuwo ndiwapezere ndine. Ankafuna matisheti 40 oti atsikanawo avale.

Sindinachedwe. Ndinalemba kuti "Tipulumutse Mtsikana", ndipo madzulo ndinapita nayo tisheti yoyesera kunyumba kuti mlongo wanga aione. Iye analekeza sukulu mu giredi 9 atatenga mimba, n'kubwereranso mwana atasiya kuyamwa. Anaiyang'ana, naipinda, n'kundibwezera.

"Ine siningavale ichi," anatero. "Munipulumuse ku chani? Nili mu moto?"

Ndinakhumudwa, koma usiku ndinaona chimene iye anaona. M'Chinyanja, mwini ntchito amabisala koyambirira kwa mneni. Mu "tipulumutse", ti- uja ndife: bungwe, opereka ndalama, ine wosindikiza. Mtsikana ali kumapeto, akudikira kunyamulidwa ngati thumba la makala. Mawu otere amakoma pa kalata yopemphera thandizo. Pachifuwa cha mwana wa zaka 16 amene akukwera minibasi, amauza aliyense kuti uyu ndi wosauka wa anthu ena.

Ndinayesa kachiwiri: "Mtsikana Ndiye Tsogolo". Apa palibe wonyozedwa, komanso palibe akuchita kanthu. Mungachotse "mtsikana" n'kuikapo "chimanga" kapena "mkuwa", mawuwo akhalabe bwino. Chiyembekezo chosatchula tsiku kapena ntchito sichimugwira munthu.

Kachitatu ndinaganiza kuti ndapeza: "Ndabwerera". Mneni ali ndi ndi-, mtsikana akulankhula yekha. Ndipo mawuwa ali ndi mbiri yake, pakuti kuyambira 1997 dziko la Zambia limalola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi, mfundo imene a FAWEZA anaimenyera kwambiri. Koma mlongo wanga anapukusanso mutu. Anati mu komboni aliyense amadziwa tanthauzo la kubwerera, ndiye tishetiyo idzakhala ngati chikwangwani cholengeza amene ali ndi mwana. Komanso ambiri mwa atsikana 40 aja sanachokepo pa sukulu. Nkhondo yawo ndi yoti asachoke.

Loweruka atsikana ena anabwera ku shopu kudzayesa masaizi. M'malo mowawerengera zanga, ndinawafunsa chimene amayankha munthu akawauza kuti angokwatiwa. Anaseka, n'kukankhana. Kenako wina wamfupi, amene m'mawa amayamba wagulitsa vitumbuwa asanapite ku sukulu, anati: "Nimabauza chabe kuti sukulu ni yanga, nizasiliza."

Ndinalemba pomwepo osasintha chilembo. Sindinawakonze kuti akhale "ndidzatsiriza" wa m'buku, chifukwa si mmene amalankhulira pa mpopi kapena pa siteshoni. "Yanga" akunena kuti malo a m'kalasi si mphatso ya munthu. "Nizasiliza" ali ndi chiyembekezo, koma chokhala ndi malire ooneka: mayeso a giredi 12. Wa giredi 8 angavale, wobwerera angavale, ndipo palibe angawasiyanitse. Ndi mawu anayi okha, choncho zilembo zimakula bwino pa mizere iwiri, zowerengeka munthu ali tsidya lina la msewu.

Amayi a bungwe aja anawakonda, koma anafunsa funso limene sindinaliganizire. Nanga amene adzalephere kumaliza? Kuyambira 2022 boma linachotsa fizi mpaka giredi 12, koma mtsikana amatha kukhalabe kunyumba chifukwa alibe nsapato, alibe mapadi, kapena palibe womusiyira mwana. Tikamuveka "nizasiliza" n'kumusiya, tsiku limene adzagwe tidzakhala ngati tikuti wagwa yekha, analibe khama.

Ndiye tinagawa mawuwo pawiri. Kutsogolo mtsikana akulankhula. Kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono pamwamba pa dzina la bungwe, tinaika yankho: "Tili nawe." Ti- uja anabwerera, koma pamalo pake, kumsana.

Ndinasindikiza 41. Yotsalayo ndinakaisiya pa mpando kunyumba osanena kanthu. Lamlungu masana ndinapeza mlongo wanga wakhala pakhonde ataivala, buku la masamu pamiyendo, mwana akukoka ngodya ya tsamba.