Kalata ya ku Joni imene inatikanika zaka zitatu



Ana a ku madrasa kwathu timawaphunzitsa hadisi ya Abu Ayyub Al-Ansari, yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim, yoletsa Msilamu kunyanyala m'bale wake kupitirira masiku atatu. Hadisiyo imatinso wabwino mwa awiriwo ndi amene wayamba kupereka salamu. Sabata yoyamba ya Ramadhan ino mwana wina anakweza dzanja. "Mwalimu, nanga ngati simunakangane, koma mwangosiya kulankhulana?"

Tinamuyankha kuti kutalikirana chifukwa cha mtunda kapena ntchito si kunyanyala. Kunyanyala ndi pamene njira yolankhulira ilipo koma ukuizemba dala. Tikuyankha choncho, mtima unatigunda, chifukwa yankholo linkaloza ife tomwe.

Tili ndi mnzathu amene tinakulira naye ku Mangochi. Juzu Amma tinaloweza titakhala pamphasa imodzi. Pamene ankapita ku Joni kukafuna ntchito, tinamubwereka K150,000 yoyendera. Sitinalembe paliponse, sitinaitane mboni, tsiku lobweza sitinapangane. Aya 282 ya Surat Al-Baqara, yaitali kuposa zonse mu Qur'an, imatilangiza kulemba ngongole ndi kuikapo mboni, koma tinkaona ngati kutulutsa pepala pamaso pa mnzako ndi kumukayikira.

Chaka choyamba tinkaimbirana Lachisanu lililonse. Kenaka kunyumba kwathu kunagwa matenda, ndalama inafunika. M'malo momuuza mwini wake, nkhani ya ngongoleyo tinaitchula kwa mayi ake. Mayiwo anagulitsa mbuzi n'kutibweretsera K40,000, ife n'kulandira. Mnzathuyo atamva, sanatinenere mawu oipa. Mafoni anangoyamba kufupika, kenaka kunatsala uthenga wa pa Eid wokha, mapeto ake zii. Nafenso tinakhala chete, tikudziuza kuti wangongole ndiye ayenera kuyamba.

Tinasankha kalata osati foni, chifukwa foni imakakamiza munthu kuyankha pompo manyazi ali m'maso, pomwe kalata amatha kuiwerenga payekha, kuipinda, n'kudzaitsegulanso mawa. Yoyamba tinaing'amba chifukwa inayamba ndi mawu akuti takukhululukirani, omwe ndi mlandu wovala mkanjo woyera. Yachiwiri inadzaza ma aya ndi mahadisi ngati khutba ya Lachisanu, pomwe iye amazidziwa zonsezo monga ife. Yachitatu, imene tinalemba titabwera ku Taraweh, ndi iyi:

"Achimwene, assalam alaikum. Takusowani. Tinalakwa kuuza mayi za ndalama ija tisanakuuzeni inu. Tinakuchotsani ulemu pakhomo panu pomwe, ndipo tinalandira ndalama ya mbuzi yawo tikudziwa kuti ngongoleyo si yawo. Tikupempha mutikhululukire. Dzulo tinapita kukapepesa kwa mayi ndipo tawagulira mbuzi ina. Za ngongoleyo, ilibenso tsiku. Allah akadzakupatsani mpata n'kufuna kubweza, tidzalandira. Zikakanika, taikhululuka, sitidzakufunsani pano kapena pa Tsiku la Kiyama. Kuno futari wa mbatata uja mumamukondayu tikudya tikukukumbukani. Simukukakamizidwa kuyankha msanga."

Mawu a ngongolewo tinawasankha mosamala. Aya 280 ya sura yomwe ija imatipatsa njira ziwiri kwa wangongole amene zinthu zamuthina: kumudikira mpaka apeze, kapena kumusiyira ngati sadaka, komwe kuli kwabwino koposa. Tikanangoti ndalamayo tasiya, mwina akanamva ngati tikumuyesa wopemphetsa. Tikanakhala chete osaitchula, ikanakhalabe ngati mwala m'nsapato nthawi zonse tikamacheza. N'chifukwa chake tinamusiyira iye kuti asankhe. Mbuzinso tinayamba tabweza tisanalembe, popeza kupepesa pakamwa chinthu cha eni chili m'manja mwako sikukwanira.

Kalatayo tinapatsira mnyamata wa m'mudzi mwathu amene amabwerera ku Joni pa basi, ndipo watiuza kuti anaipereka m'manja. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, yankho silinabwere. Mwina libwera pa Eid, mwina silibwera, pakuti kalata ilibe mphamvu pa mtima wa munthu wina. Chimene chinali m'manja mwathu ndi salamu yoyamba ija, ndipo tinaichedwetsa zaka zitatu.

Mu Sahih Muslim muli hadisi ya Abu Huraira yofotokoza kuti Lolemba ndi Lachinayi akapolo a Allah amakhululukidwa, kupatula awiri amene ali ndi chidani, omwe amadikiritsidwa mpaka atayanjana. Tikawerenga ma Lolemba ndi ma Lachinayi a zaka zitatu, amapitirira 300. Mawa ndi Lachinayi. Pa daku tidzamutchulanso dzina mu dua, kenaka tidzayang'ana foni.