"Afika! Tumizani kwa onse!"

Kumayambiriro kwa 2020 mphekesera za anthu opopera gasi m'nyumba usiku zinayambira ku Chingola, koma sizinachedwe kufika m'mafoni mwathu kuno ku Madzimoyo ndi ku Chipata. Mauthenga ake ankafanana: zilembo zikuluzikulu, "afiti", "atimaliza", "tumizani msanga". Pofika Malichi, Pulezidenti Edgar Lungu anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu pafupifupi 50 anali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya, pongowaganizira.

Tiyerekeze mauthenga awiri. Woyamba: "Banja lina ladwala usiku, apolisi akufufuza." Wachiwiri: "Zigawenga zopanda chisoni zapopera ana osalakwa, boma lili phee!" Nkhani ndi imodzi, koma tonse tidziwa umene uzungulira magulupu khumi nsima isanapse. Woyamba utiuza zimene zachitika basi. Wachiwiri utipatsa mdani, ndipo utichititsa kumva ngati kusatumiza n'kugwirizana naye.

Izi zinayezedwa. Mu 2017 William Brady ndi anzake a ku New York University anaunika mauthenga oposa 500,000 a pa Twitter. Anapeza kuti liwu lililonse lotengeka mtima komanso loweruza munthu, monga la chidani kapena manyazi, linkawonjezera kufalikira kwa uthenga ndi pafupifupi 20 peresenti. Umene ukanatumizidwa ka 100 unkafika ka 120, ndipo mawu otere akakhala atatu, unkadutsa 170. Koma unkathamanga makamaka pakati pa anthu ogwirizana kale maganizo. Makina nawonso anathirapo mafuta: mu 2017 Facebook inayamba kuwerengera kankhope kokwiya kasanu kuposa Like posankha zotionetsa, kenako inachepetsa, mpaka inasiyiratu kukawerengera mu 2020.

Mkwiyo pawokha si bodza ayi. Feteleza wa FISP akachedwa mvula itagwa kale, wolemba mokwiya ali ndi chifukwa, ndipo sitimukayikira ngati watchula depoti, tsiku ndi matumba amene akusowa. Zimenezo munthu angapite kukaona yekha.

Chikhulupiriro chimasweka pamene mawu aukali alowa m'malo mwa zinthu zimenezi. Ambiri mwa mauthenga a gasi analibe dzina la mudzi, analibe tsiku, ndipo mboni yake inali "mnzake wa mlamu wanga". Uthenga umodzimodzi unkabwera lero ukunena za Kitwe, mawa za Katete, chithunzi osasintha. Kumapeto kwake lamulo lija: tumizani kwa onse.

Gulupu la pa WhatsApp likalira "afika!" katatu popanda wofika, anthu satulukamo kawirikawiri, poopa kukhumudwitsa achibale kapena a mpingo. Amangodina Mute. Adimini amaona mamembala akali 200, osadziwa kuti uthenga wake wonena za kolera kapena mwana wosowa ufika pafoni imene siliranso.