Ululu Sujambulika

Bondo la amayi litawawa miyezi isanu ndi umodzi, tinapita kuchipatala ndi pempho limodzi: awajambule. Ndalama ya ekisire ndinali nditasunga kale.

Dokotala sanathamangire zimenezo. Anafunsa zaka zawo, nthawi imene bondo limawawa, ndiponso ngati limauma m'mawa. Amayi, a zaka 62, anati limawawa pokwera chitunda chochokera kudimba, ndipo kuuma kwake kumatha phala lisanapse. Analigwiragwira, kulipinda, n'kunena kuti ndi nyamakazi ya kuperepeseka kwa mfundo. Kwa munthu wopitirira zaka 45, womva ululu poyenda, amene bondo lake siliuma kupitirira mphindi 30 m'mawa, matendawa amadziwika popanda chithunzi.

Ndinakhumudwa, ngati kuti atimana. Koma ekisire imaonetsa mafupa. Chichereŵechereŵe chimene chikuperepesekacho sichioneka. Amangoona kuti mpata wa pakati pa mafupa wachepa. Wina chithunzi chake chimaopsa koma akulima bwinobwino, wina chimaoneka chabwino koma akutsimphina. Sikani ya maginito imaonetsa zofewa za m'bondo, koma pamsinkhu wa amayi imapeza zong'ambika ngakhale m'bondo losawawa.

Ndinafunsa chimene chikanasintha maganizo ake. Anati akanagwa n'kulephera kuponda, ululu ukanamakula usiku iwo akuonda, kapena pakanakhala nkhani ya opaleshoni, akanawajambula. Bondo likatupa n'kutentha, thupi lonse n'kutenthanso, tisadikire: amapopa madzi a m'bondomo n'kuwayeza.

Anawaphunzitsa zolimbitsa ntchafu, n'kuwalembera mankhwala opaka. Mumsewu amayi anangoti, "Ndiye sanandione m'kati?" Mpaka lero amafunsabe.